Njira ya dizilo kuchokera m'thanki kufika pa bedi la wodwala

Usiku wa pa 29 Okutobala 2012 namondwe wotchedwa Sandy adasefukiza madzi a m'nyanja mumzinda wa New York. Chipatala cha Bellevue chinali ndi majenereta ake pansanjika ya 13, kutali ndi madziwo, ndipo anali abwinobwino. Koma mapampu okankha dizilo kupita kumwambako anali m'chipinda cha pansi pa nyumba, ndipo adamira. Anthu adachita kundandalika pamasitepe n'kumapatsirana zigubu za mafuta mpaka kumtunda, ndipo pamapeto pake odwala mazanamazana adasamutsidwa. Makina adalipo, mafuta adalipo, chidasokonekera ndi njira ya pakati pa ziwirizi.

Kuno kwathu tikamakamba za jenereta ya pachipatala timafunsa kukula kwake basi. Chikhalirecho, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tidaona kuti kuzima kwa magetsi kukhoza kukhala kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndiponso tikudziwa kuti dizilo amatha kusowa m'malo omwetsera mafuta. Pamenepo makina othandiza kupuma, nyali za ku fiyeta ndi mabelu ochenjeza za moto zimadalira zinthu zitatu: thanki yaikulu, thanki yaing'ono ya pafupi ndi injini, ndi swichi yosintha yokha magetsi, yomwe pachitseko chake pamalembedwa ATS.

Tiyerekeze chipatala cha jenereta ya 250 kVA, yomwe mphamvu yake yeniyeni ndi 200 kW, ndipo zofunika kuyaka magetsi akazima zimakoka 150 kW. Injini yotere imamwa pafupifupi malita 40 pa ola. Ngati akuluakulu agwirizana kuti chipatala chiziima pachokha masiku atatu, ndiwo maola 72, pakufunika malita 2,880. Malamulo a ku America otchedwa NFPA 110, omwe akatswiri a maiko ambiri amawatsatira, amati thanki ikhale yokula kuposa pamenepo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye tafika pa malita oposa 3,800. Komanso thanki sidzazidwa mpaka pakamwa chifukwa mafuta amafufuma kukatentha, ndipo a pansi penipeni sakokedwa poti ndi pomwe pamadikha zinyalala. Wogula mwanzeru agula ya malita 5,000. Iikidwe panja, pamalo osafika madzi osefukira, mozunguliridwa ndi kampanda ka simenti kotha kusunga mafuta onsewo ndi kupitirirapo pang'ono itati yabooka.

Injini simwa mwachindunji m'thanki yaikuluyo, chifukwa kapampu kake sikangakoke mafuta kuchokera patali. Imamwa m'thanki yaing'ono, tinene ya malita 500, momwe malita ngati 400 ndiwo ogwiritsika ntchito: maola khumi. M'kati mwake muli timaswichi toyandama. Mafuta akatsika kufika theka, pampu yamagetsi imayaka n'kukoka ena kuchokera kuthanki yaikulu. Akafika chapafupi ndi kudzaza, imazima. Akatsika kwambiri osabwezeretsedwa, belu liyenera kulira, ndipo lilire pomwe pali munthu usiku wonse, osati m'kanyumba ka jenereta kokhomedwa ndi loko.

Apa ndi pomwe ndimati aliyense woyendera chipatala aziima ndi kufunsa funso limodzi: kodi pampu imeneyi imatenga kuti magetsi? Ikalumikizidwa kumbali ya ESCOM yokha, zonse zimaoneka bwino pa kuzima kwa ola limodzi kapena awiri, chifukwa thanki yaing'ono imakwanira, ndipo magetsi akabwerera pampu imadzazanso mwakachetechete. Vutolo likhoza kubisala zaka. Tsiku lomwe magetsi adzazime kupitirira maola khumi, injini idzatsokomola n'kuzima pomwe panja pali malita zikwi zinayi. Ikatero imakhala yayamwa mpweya m'mapaipi, ndipo siliranso mpaka mmisiri atautulutsa. Pampuyo iyenera kudya magetsi a jenereta yomweyo, pakhale ina yachiwiri yodikirira, ndi yachitatu yopopa ndi manja. Pakhalenso paipi yobweza mafuta osefukira kuthanki yaikulu, yonenepa kuposa yobweretsa, yopanda valavu ndiponso yotsetsereka yokha, kuti kaswichi koyandama kakakanirira dizilo asayenderere pansi pafupi ndi injini yotentha.

Mafuta osungidwa nthawi yaitali nawo amadwala. Chinyezi cholowa m'thanki chimasanduka madzi omwe amakhala pansi, ndipo pomwe madzi akumana ndi dizilo pamamera tizilombo topanga matope akuda otseka fyuluta. Chizindikiro chake n'chakuti injini imalira bwino ili yopanda katundu, koma mukangoipatsa katundu liwu limatsika, nyali n'kuyamba kuphethira. Amisiri amapaka mankhwala ofufuzira madzi kunsonga ya ndodo yoyezera mafuta n'kuiviika mpaka pansi. Mtundu ukasintha, madzi alimo ndipo akhetsedwe.

Tsono swichi ija. Imakhala ikumvetsera magetsi a ESCOM nthawi zonse. Akazima kapena akafooka, ngakhale pa waya mmodzi mwa atatu, imadikira sekondi imodzi kapena ziwiri kuti itsimikize kuti si kuphethira chabe, kenako imalamula jenereta kuti ilire. Mphamvu ikakwanira ndipo liwiro likafika pafupi ndi 50 Hz, imachotsa chipatala ku ESCOM n'kuchilumikiza ku jenereta. Pa zinthu zosunga moyo, malamulo aja amati zonsezi zithe m'masekondi 10. M'kati mwake muli chotchinga chachitsulo choletsa kuti mbali ziwirizi zitsekeke nthawi imodzi, apo ayi magetsi a jenereta akhoza kubwerera m'mawaya a panja n'kupha munthu amene akukonza pa mtengo. Magetsi akabwerera, swichi sithamanga. Imadikira mphindi zosachepera zisanu, kawirikawiri mpaka 30, chifukwa magetsi ongobwera kumene amakonda kuzimanso, ndipo ikabweza katundu imasiya injini ikulira mphindi zina zisanu kuti izizire.

Kuika chipatala chonse pa swichi imodzi kuli ngati kulowetsa mudzi wonse pa mlatho umodzi. Zipatala zazikulu zimagawa: nyali za m'njira zothawira ndi mabelu a moto pa swichi yawo, fiyeta ndi zipinda za odwala kwambiri pa ina, mapampu a madzi, makina ochapira ndi oziziritsa m'maofesi pa yachitatu. Ziwiri zoyambazo zimalowa m'masekondi khumi aja, yachitatu imalowa mochedwerapo, kuti mamota akuluakulu asagwetse jenereta poyamba, ndipo katundu akachuluka ndiyo imayamba kuchotsedwa. Swichi ya kufiyeta ndi bwino ikhale ndi njira yolambalala, kuti mmisiri aikonze osazimitsa chipinda chomwe muli munthu pa tebulo.

Kuliza jenereta m'mawa kwa mphindi zisanu n'kuizimitsa sikuyesa chilichonse mwa izi. Kuyesa kwenikweni kumachitika mwezi ndi mwezi kuyambira pa swichi: dinani batani loyesera kuti iganize kuti ESCOM yazima, werengani masekondi mpaka nyali zitayaka, ndipo injini inyamule katundu wosachepera magawo 30 pa 100 a mphamvu yake kwa mphindi 30. Nthawi zina tsitsani dala mafuta m'thanki yaing'ono, jenereta ikulira, muone ndi maso pampu ikuyaka yokha ndi belu likulira. Ndipo wotuluka womaliza m'kanyumbako ayang'ane pa bolodi kuti kasinthidwe kabwezedwa pa AUTO, chifukwa kakasiyidwa pa OFF swichi idzaitana koma injini sidzayankha.