Musanam'patse makiyi a ERP, m'funseni izi

Makampani ambiri akamakula amasonkhanitsa malonda, katundu wa m'sitolo, malipiro a antchito ndi ndalama m'pulogalamu imodzi ya pakompyuta yotchedwa ERP, monga SAP, Odoo kapena Sage. Kalaliki wa kusitolo akalemba kuti matumba 200 a simenti afika, a ku akaunti amaona pompo kuti pali woti alipidwe. Woyang'anira pulogalamuyi ndi amene amagwira makiyi a zitseko zonsezi, choncho kumulemba ntchito si nkhani yothamangira.

Chikalata cha ntchito yake chisangoti "wodziwa makompyuta". Chinene kuti ndiye amatsegulira antchito atsopano maakaunti ndi kutseka a amene achoka tsiku lomwelo, amasunga kope la zonse tsiku lililonse, ndiponso amayesera padera kusintha kulikonse asanakuike m'pulogalamu imene anthu akugwirira ntchito. Chinenenso zimene saloledwa kuchita: iye savomereza malipiro, ngakhale a K500. Tikumbuke Kashigeti ya 2013, pamene ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu IFMIS, kenako zolembedwa zina n'kumafufutidwa.

Funso limene ndimaliona kuti ndi lolemera pa intaviyu ndi ili: "Ndi kumapeto kwa mwezi, mkulu wa ku akaunti wapita kumaliro, ndipo bwana akukuuzani pafoni kuti mupatse kalaliki mphamvu yovomereza malipiro. Kalalikiyo ndi yemwenso amalowetsa mayina a ogulitsa katundu. Mutani?"

Amene angoyankha kuti "Bwana akanena, ndichita," wagwa. Munthu mmodzi akakhala ndi mphamvu ziwirizi angathe kulemba kampani yabodza, kuika nambala ya akaunti yake ya kubanki, n'kudzilipira yekha. Koma wokana mouma khosi sathandizanso, chifukwa ogulitsa akudikira ndalama zawo. Wodziwa ntchito amapempha kuti lamulolo libwere polemba, amaunikira bwana kuti mphamvuyo ipite kwa wina amene salowetsa mayina, amaika tsiku loti ithe, ndipo mwini ntchito akabwerako amamuonetsa zonse zimene zinavomerezedwa iye kulibe.

Funso lachiwiri ndi la kope lija. Musafunse ngati amasunga, pakuti aliyense adzati inde. Funsani kuti, "Ndi liti pamene munabwezeretsa zonse kuchokera pa kope, ndipo zinatenga maola angati?" Kope limatha kuoneka labwinobwino koma n'kukana kutseguka tsiku limene seva yapsa. Amene anayesapo amafotokoza mwatsatanetsatane: anabwezeretsera pa makina ena, n'kuyerekeza ndalama zotsala ndi invoisi yomaliza kuti aone ngati zikufanana. Amadziwanso kuti kope losungidwa m'chipinda chimodzi ndi seva limapsera limodzi.

Pa tsiku la intaviyu, mkulu wa ku akaunti akhalepo. Iye ndi amene angamve msanga ngati yankho la funso loyamba lija likuteteza ndalama za kampani.