Kalulu pa Chitsime, Mwana pa Mphasa

Nthano ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime ambirife tinakula nayo. Kunagwa chilala, nyama zinapangana kukumba, Kalulu anakana, kenako n'kumadzaba madzi atapusitsa alonda ndi uchi, mpaka Kamba anamugwira. Pabwalo, ana akuluakulu amaikonda ili ndi phokoso lake lonse. Koma kwa mwana wa zaka zitatu amene wagona kale pamphasa, nthano yomweyi imafunika kuiumba mwina.

Mphamvu yake yagona pa alonda aja. Usiku woyamba alonda Fisi, wachiwiri Njati, wachitatu Mkango, ndipo aliyense zimuchitikira zofanana. Kalulu afika, amulawitsa uchi, amuuza kuti wambiri amadya womangidwa, amumanga, atunga madzi, n'kusamba. Wosimba wodziwa amasintha dzina la mlonda lokha, mawu ena onse n'kuwabweza monga analili: “Anatunga, anamwa, anasamba, phava phava, ulendo.” Akafika pa Njati, mwana wayamba kudziwa chikubwera. Pa Mkango amatsirizitsa yekha. Kudziwiratu kumeneku n'kumene kumamukhazika mtima pansi, chifukwa palibenso chomudzidzimutsa. Mukangosintha, n'kunena kuti Kalulu anasamba asanamwe, mumva: “Ayi amayi, simunatero dzulo!” Tulo tabalalika, mwayamba mlandu.

Alonda atatu ngokwanira. Mukachulukitsa, nthano imasanduka mpikisano wotchula nyama.

Nanga mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Mvetserani “Tilitonse”. Mukati “Padangokhala”, yankho limabwera msanga ndi mokweza. Pa mlonda wachiwiri liyenera kuyamba kuchedwa, ndipo inunso muzitsitsa mawu, kukoka mzere wobwerezabwereza uja, kupuma motalikirapo, dzanja likusisita kumsana motsata mawuwo. Ngati yankho likukulirakulira, mwana wadzuka n'kuyamba kuonetsa mmene Mkango ankadzigwedezera, ndiye kuti mwachita kukometsa kwambiri. Abambo ambiri apa ndi pamene amagwa, chifukwa kubangula kumawakomera okha.

Kumapeto n'kofunika kusamala. Ena amasimba kuti nyama zinagamula zoti Kalulu aphedwe, iye n'kupulumuka mwa ukathyali wake. Zimenezo zisungireni achimwene ake a sitandade 4. Wamng'onoyu muuzeni kuti Kamba atamugwira, Njovu inapatsa Kalulu khasu, Kalulu anakumba mbali yake mpaka manja kuwawa, kenako anamwa pamodzi ndi anzake masana, osabisala. Phunziro lakwana m'chiganizo chimodzi, chonenedwa ndi Kamba mwini, chakuti madzi okumbira limodzi samwedwa mozemba. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi kuwonjezera kuti “ngati iwe muja unakanira kutola zidole”. Mwana amazindikira msanga kuti nthano yonse inali msampha, ndipo mawa mukati “Padangokhala” amayamba wafunsa ngati Kalulu walakwanso.