Nthawi ya Aneni Polemba Mbiri ya Munthu: "Ndi" Kapena "Adali"?

Pa mayeso a Chichewa mukhoza kupatsidwa mfundo zingapo zokhudza munthu wina kuti mulembe mbiri yake mwachidule. Mukhozanso kufunsidwa kuti mufotokoze za mlembi wa buku lomwe mwawerenga. Ophunzira ambiri amadziwa mfundo zoyenera, koma amasokonezeka akafika pa maudindo ndi ntchito za munthuyo. Kodi tilembe kuti "ndi mphunzitsi" kapena "adali mphunzitsi"? Kodi "amaphunzitsa" kapena "ankaphunzitsa"? Kusiyana kwake n'kwa mawu ochepa chabe, koma kukhoza kupha munthu wamoyo papepala, kapena kubwezera munthu paudindo womwe adausiya kalekale.

Funso loyamba: kodi munthuyo ali moyo?

Ngati munthu adamwalira, maudindo ake onse amalembedwa m'nthawi yakale. Titenge chitsanzo cha Samuel Josia Nthara, yemwe adabadwa mu 1905 ndipo adalemba buku la Nthondo. Iye adamwalira, choncho timalemba kuti, "Nthara adali mphunzitsi komanso mlembi wa mabuku." Sitinganene kuti "ndi mphunzitsi" chifukwa womwalira sagwiranso ntchito.

Koma samalani apa. Mlembi amamwalira, buku lake limatsala. Mukamakamba za kulembedwa kwa buku, gwiritsani ntchito nthawi yakale: "Buku la Nthondo lidasindikizidwa mu 1933." Mukamakamba zomwe zili m'bukumo, gwiritsani ntchito nthawi yatsopano: "Bukuli limafotokoza moyo wa Nthondo kuyambira kubadwa mpaka imfa yake." Kusindikiza kudachitika n'kutha, koma aliyense wotsegula bukuli lero apezamo nkhani yomweyo. Mukalemba kuti "linkafotokoza", mukupereka ganizo loti bukulo lidasiya kutero.

Funso lachiwiri: kodi udindowu udatha?

Vuto lenileni limabwera pamene munthuyo ali moyo. Ophunzira ena amaganiza kuti mbiri yonse iyenera kukhala m'nthawi imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Izi si zoona. Nthawi ya mneni isankhidwe pa udindo uliwonse paokha. Pa udindo uliwonse dzifunseni kuti, "Kodi munthuyu akadali paudindowu pa tsiku lomwe ndikulembali?" Ngati yankho ndi inde, lembani m'nthawi yatsopano. Ngati ndi ayi, lembani m'nthawi yakale.

Zaka zomwe mwapatsidwa ndizo zimakuthandizani kuyankha. Udindo womwe uli ndi chaka choyambira ndi chaka chothera ndi wakale. Udindo womwe uli ndi chaka choyambira chokha, kapena mawu oti "mpaka lero", ndi wopitirira.

Palinso maudindo ena omwe satha munthu akadali moyo. Uphunzitsi wa pasukulu yakutiyakuti, uduna kapena uphungu ndi ntchito zomwe munthu amapatsidwa ndipo amadzazisiya. Koma ulakatuli kapena ulembi ndi luso lomwe munthu amadziwika nalo. Mlakatuli sachotsedwa pa ulakatuli. N'chifukwa chake mukalemba kuti "adali mlakatuli" popanda kuwonjezerapo kanthu, wowerenga amamva kuti munthuyo adatisiya.

Chitsanzo chokonzedwa

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mfundo izi za Jack Mapanje: kubadwa mu 1944 m'boma la Mangochi; mlakatuli; buku loyamba la ndakatulo, 1981; mkulu wa gawo la Chingerezi pa sukulu yaukachenjede ya Chancellor ku Zomba mpaka 1987; kumangidwa mu 1987 ndi kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu; kutulutsidwa mu 1991; kusamukira ku Mangalande.

Wophunzira wina akhoza kulemba ndime yolakwika motere:

"Jack Mapanje adali mlakatuli wa ku Malawi. Iye adabadwa mu 1944 m'boma la Mangochi. Ndi mkulu wa gawo la Chingerezi pa sukulu yaukachenjede ya Chancellor ndipo amaphunzitsa kumeneko. Buku lake loyamba la ndakatulo lasindikizidwa mu 1981."

Mfundo zonse zachokera pa zomwe adapatsidwa, koma ndimeyi ili ndi zolakwika zinayi. Tiyeni tiziwone chimodzichimodzi.

Choyamba ndi "adali mlakatuli". Pa mfundo zomwe tapatsidwa palibe chaka cha imfa, ndipo ulakatuli ulibe chaka chothera. Choyenera ndi "ndi mlakatuli".

Chachiwiri ndi "ndi mkulu wa gawo la Chingerezi". Mfundo zikunena kuti "mpaka 1987". Udindowu udatha, choncho tilembe "adali mkulu", ndipo titchule chakacho.

Chachitatu ndi "amaphunzitsa kumeneko". Munthu yemwe adamangidwa mu 1987 kenaka n'kusamukira kunja sangakhale kuti akuphunzitsabe ku Zomba. Choyenera ndi "ankaphunzitsa".

Chachinayi ndi "lasindikizidwa mu 1981". Mneni ameneyu akusonyeza chinthu chomwe changochitika kumene, ndipo sagwirizana ndi chaka chomwe chidapita kalekale. Choyenera ndi "lidasindikizidwa".

Ndime yokonzedwa ikhoza kukhala motere:

"Jack Mapanje ndi mlakatuli wa ku Malawi. Iye adabadwa mu 1944 m'boma la Mangochi. Buku lake loyamba la ndakatulo lidasindikizidwa mu 1981. Ankaphunzitsa pa sukulu yaukachenjede ya Chancellor ku Zomba, komwe adali mkulu wa gawo la Chingerezi mpaka 1987. M'chaka chimenecho adamangidwa n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Adatulutsidwa mu 1991 ndipo kenaka adasamukira ku Mangalande."

Onani kuti chiganizo choyamba chili m'nthawi yatsopano pomwe zina zonse zili m'nthawi yakale. Uku si kusakaniza nthawi mwachisawawa. Chiganizo choyamba chikutiuza kuti munthuyu ndani, ndipo zotsatirazo zikutiuza zomwe adadutsamo. Umu ndi momwe mbiri ya munthu wamoyo imayalidwira kawirikawiri.

Msampha wa -ma-

Cholakwika chachitatu chija chimachokera pa kusiyana kwa kuyankhula ndi kulemba. Tchulani ziganizo ziwiri izi mokweza: "Masiku ano agogo amalima fodya" ndi "Kale agogo amalima fodya." Mneni walembedwa chimodzimodzi, koma mukamayankhula mumakweza mawu pa maphatikizo osiyana, ndipo womvera amadziwa kuti chiganizo china chikukamba za lero, china za kale. Papepala kukwera ndi kutsika kwa mawu sikuwoneka. Woyesa akapeza "amaphunzitsa", ayenera kumva kuti munthuyo akadali pantchitoyo, ngakhale inu m'mutu mwanu mudatanthauza zakale.

Njira yopewera msamphawu ndi yapafupi. Polemba mbiri, sungani -ma- kuti azisonyeza ntchito yomwe munthu akuchitabe, ndipo gwiritsani ntchito -nka- pa ntchito yomwe ankachita kawirikawiri koma adasiya. Choncho "amalemba" ndi za lero, "ankalemba" ndi za kale.

Pa zinthu zomwe zidachitika kamodzi n'kutha, monga kubadwa, kusankhidwa kapena kumangidwa, gwiritsani ntchito -da- kapena -na-. Onse awiri mudzawapeza m'mabuku ndi m'manyuzipepala. Chofunika n'kusankha mmodzi. Musalembe "adabadwa" m'chiganizo choyamba kenaka "anasankhidwa" m'chachiwiri.

Udindo woyamba kale koma wopitirira

Nanga ngati munthu adayamba ntchito zaka zapitazo ndipo akuigwirabe? Tiyerekeze kuti mukulemba za mphunzitsi yemwe adayamba kuphunzitsa pasukulu panu mu 2015. Kulemba kuti "adaphunzitsa pano mu 2015" kukusonyeza kuti adachoka. Kulemba kuti "amaphunzitsa pano mu 2015" sikukumveka bwino. Pali njira ziwiri zoyenera. Mukhoza kunena kuti, "Wakhala akuphunzitsa pano kuyambira mu 2015." Mukhozanso kugawa ganizoli pawiri: "Adayamba kuphunzitsa pano mu 2015 ndipo akuphunzitsabe." Mawu oti "kuyambira" opanda "mpaka" komanso -be wa kumapeto kwa mneni ndiwo akuuza wowerenga kuti ntchitoyo sidathe.

Udindo wotha koma dzina lotsala

Nthawi zina udindo umatha koma munthu amadziwikabe nawo. Mayi Joyce Banda adalamulira dziko la Malawi kuyambira mu 2012 mpaka 2014. Tikhoza kulemba kuti, "Mayi Banda adali pulezidenti wa Malawi kuyambira mu 2012 mpaka 2014." Tikhozanso kulemba kuti, "Mayi Banda ndi pulezidenti wakale wa Malawi." Ziganizo zonsezi n'zolondola. M'chiganizo chachiwiri mawu oti "wakale" ndiwo asenza ganizo loti udindo udatha, choncho mneni akhala m'nthawi yatsopano. Cholakwika ndi kuphatikiza zonse ziwiri n'kulemba kuti "adali pulezidenti wakale" pokamba za munthu wamoyo. Pamenepo mwasonyeza kutha kawiri, ndipo chiganizocho chikumveka ngati chikunena za malemu.

Momwe mungafufuzire ntchito yanu

Mukamaliza kulemba, patulani mphindi ziwiri kapena zitatu. Tsekani mzere kunsi kwa "ndi", "adali" ndi mneni aliyense wosonyeza ntchito. Pa mneni aliyense wa nthawi yatsopano, yesani kuwonjezera mawu oti "mpaka lero". Ngati chiganizo chasanduka bodza, mneniyo asinthidwe. Mwachitsanzo, "Mapanje ndi mkulu wa gawo la Chingerezi mpaka lero" ndi bodza, choncho tasintha. Pa "adali" aliyense, yesani kuyankha funso loti "mpaka liti?" Ngati mfundo zomwe mwapatsidwa zilibe chaka chothera kapena cha imfa, ganizirani bwino ngati udindowo udathadi.

Kumbukiraninso kuti mbiri ya munthu wamoyo imakalamba. Zomwe zidalembedwa pa chikuto cha buku zidali zoona m'chaka chomwe bukulo lidasindikizidwa. Ngati chikuto chikuti mlembi "amagwira ntchito" kwinakwake, onani chaka cha bukulo musanakopere. Ngati papita zaka zambiri, lembani kuti, "Pa nthawi yomwe bukuli linkasindikizidwa, mlembiyu ankagwira ntchito kumeneko." Chiganizo chotere chimakhalabe choona ngakhale munthuyo atasintha ntchito.

Ntchito

1. Konzani ziganizo izi ndipo mupereke chifukwa chake:
a) Malemu Nthara ndi mphunzitsi.
b) Buku la Nthondo linkafotokoza moyo wa Nthondo.
c) Bakili Muluzi ndi pulezidenti wa Malawi kuyambira mu 1994 mpaka 2004.

2. Lembani ndime ya ziganizo zisanu yofotokoza mbiri ya munthu wamkulu wa kwanu yemwe ali moyo. Mutchule udindo umodzi womwe adausiya ndi wina womwe akadali nawo. Musagwiritse ntchito -ma- pa ntchito yomwe idatha.