Kukumbutsa ahedi za fomu yomwe sinabwerere

Chaka chilichonse Unduna wa Zamaphunziro umachita kalembera wa sukulu. Fomu ya mafunso imafika kwa mphunzitsi wamkulu kuti alembemo chiwerengero cha anyamata ndi atsikana kuyambira Sitandade 1 mpaka 8, obwereza kalasi, osiyira sukulu panjira, aphunzitsi, zipinda, zimbudzi ndi mabuku. Mafomu ena amabwerera msanga, ena amangoti zii.

Tiyerekeze zoni ya sukulu 12, ndipo zabweza 9. Wina anganene kuti basi zakwana. Koma zitatu zotsalazo kawirikawiri zimakhala zakutali, za aphunzitsi ochepa, kumene ahedi nawonso ali ndi kalasi yawoyawo. Mukazisiya, lipoti lionetsa zoniyo ngati ili bwino, pomwe sukulu zosowa mabuku ndi aphunzitsi ndi zomwe sizinawerengedwezo.

Nchifukwa chake kalata yokumbutsa siyenera kukalipa. Wolemba sadziwa chomwe chachitika. Mwina fomu sinafike n'komwe. Mwina inadzazidwa kale koma ili m'chikwama cha munthu amene anatumidwa ku zoni. Nthawi zambiri imaima pa funso limodzi lovuta, monga la zaka za ophunzira, lofuna kuti aphunzitsi onse abweretse makaundula awo n'kuwerenga mwana mmodzimmodzi.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi, ndipo ingayambe motere: "Aphunzitsi aakulu, pa 3 mwezi uno tinakutumizirani fomu ya kalembera wa sukulu. Kufikira lero ku ofesi kuno sitinailandire. Ngati munatumiza kale, zikomo, tiuzeni amene munampatsira." Taonani kuti akuti "sitinailandire", sakuti "simunabweze". Oyambawo ndi mawu oona basi, achiwiriwo ndi mlandu, ndipo munthu wamkulu akamva kuti akuimbidwa mlandu amayamba kudziteteza m'malo motsegula kaundula.

Kenako pabwere tsiku. "Mwamsanga" si tsiku. Lembani kuti "pofika Lachisanu pa 21", munenenso kokapereka, kaya n'kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni kapena ku ofesi ya boma, ndi nambala ya foni yofunsira pomwe pavuta. Sabata imodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Mukapereka masiku awiri okha, fomu ibweradi, koma ndi manambala a m'mutu: makalasi onse kuthera pa ziro, kapena chiwerengero kufanana ndendende ndi cha chaka chatha.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kuika fomu ina m'envulopu momwemo. Ngati yoyamba inatayika kapena inanyowa ndi mvula, ahedi sangamasuke kunena, ndiye mwawapeputsira manyazi. Akumbutseninso kusaina ndi kudinda chidindo cha sukulu, poti fomu yopanda izi imabwezedwa.

Tsiku lija likadutsa kuli chete, kalata ina siithandiza kwenikweni. Imbani foni, kapena mlangizi akwere njinga yamoto akakhale nawo pansi ahediwo, adzaze limodzi.