Makiyi a webusayiti ya sukulu azisunga ndani?

Kholo likatsegula webusayiti ya sukulu mu Seputembala kuti lione tsiku lotsegulira, si zachilendo kupeza chidziwitso cha chaka chatha ndi chithunzi cha ahedi omwe anasamutsidwa kalekale. Nthawi zambiri makina amakhala alibe mlandu. Amene anamanga tsambalo anachoka ndi mawu achinsinsi olowera, ndipo pasukulupo palibe anaphunzitsidwa kusintha ngakhale chilembo chimodzi.

N'chifukwa chake nkhani yoyamba kukambirana, anthu asanayambe kukangana za mtundu wa baji, ndi ya makiyi. Dzina la webusayiti, kaya lothera ndi .mw kapena .com, sagula kamodzi n'kuiwala. Amalipira chaka ndi chaka, chimodzimodzinso malo osungirapo tsambalo. Zonsezi zilembetsedwe pa imelo ya sukulu, osati ya womangayo, ndipo abasa aziike pa bajeti. Dzina likapanda kulipiridwa tsamba limangozima, ndipo pakapita nthawi wina aliyense akhoza kuligula.

Tiyerekeze ndi sekondale yogonera konko yomwe yasankha WordPress, pulogalamu yaulere yomwe inayamba mu 2003. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amalowa ndi dzina lake komanso mphamvu zake. Mphunzitsi wa zamasewero akapatsidwa udindo wa Contributor, amatha kulemba kuti timu ya netibo ikupita ku mpikisano Loweruka, koma sangazitulutse yekha, ndipo sangaikepo chithunzi. Zolembazo zimadikira achiwiri kwa ahedi, omwe ali ndi udindo wa Editor, kuti awerenge, akonze tsiku ngati lalakwika, kenako adine Publish. Udindo wa Administrator, womwe ungathe kufufuta chilichonse, ukhale wa anthu awiri basi. Mmodzi angadwale kapena kusamutsidwa. Akachuluka, zikaonongeka aliyense amaloza mnzake.

Chomwe chimasokoneza aphunzitsi ambiri poyamba ndi kusiyana kwa Posts ndi Pages. Zidziwitso zimapita ku Posts, chifukwa zimakhala ndi tsiku ndipo chatsopano chimakhala pamwamba. Zosasinthasintha, monga malamulo a sukulu, zimakhala ku Pages.

Pali chizolowezi china chofunika kuchiletsa kuyambira tsiku loyamba: kujambula ndi foni kalata yodindidwa ya ahedi n'kuiponya pa tsamba momwemo. Chithunzi chotere chimatha kulemera ma MB atatu kapena anayi, ndipo kholo lomwe lagula kabandulo kakang'ono, netiweki ikudukaduka, limatopa chisanatseguke. Chikatseguka, zilembo zake n'zazing'ono, ndipo nambala ya akaunti yolipirira fizi sungaikopere. Mawu omwewo akatayipidwa salemera n'komwe. Mutu wake uzinena zenizeni, monga tsiku lomwe a Fomu 1 akufika, osati kungoti chidziwitso kwa makolo.

Fomu yofunsira malo imafunika kwambiri kusukulu zomwe si zaboma, popeza kusekondale zaboma ana amasankhidwa potengera zotsatira za PSLCE. Fomuyi ikhale yaifupi: dzina la mwana, tsiku lobadwa, sukulu yomwe akuchokera, kalasi yomwe akufuna, ndi nambala ya foni ya womuyang'anira. Kukakamiza imelo n'kutsekereza agogo omwe akulera mdzukulu ndipo foni yawo ndi yoimbira basi. Fomu yapepala isachoke ku ofesi.

Apa ndi pomwe zinthu zimaonongeka mwakachetechete. Kholo limadzaza, limadina, tsamba n'kuthokoza, koma uthengawo wagwera mu Spam kapena wapita ku imelo ya mlembi yemwe anasiya ntchito. Sukulu imaganiza kuti chaka chino anthu sakufuna malo. Mankhwala ake ndi osavuta: nyengo yolembetsa isanayambe, mphunzitsi mmodzi adzaze fomuyo pa foni yake ngati kholo, wina aone ngati yafika. Fomuyo izisunganso mayankho mkati mwa webusayiti momwemo, osadalira imelo yokha.

Mayankhowa ndi zinsinsi za ana, ndipo dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Choncho owerenga mafomu akhale okhawo olemba ana, ndipo chithunzi cha mwana chisaikidwe makolo asanavomereze.

Tsamba la aphunzitsi ndi lomwe limakalamba msanga. Dzina, phunziro ndi udindo n'zokwanira. Nambala za foni zawo zisaikidwe, pakhale ya ofesi yokha. Mphunzitsi akamachoka, tsiku lomwe akubweza makiyi a kabati ndi mabuku, akaunti yake itsekedwenso. Poifufuta, WordPress imafunsa chochita ndi zomwe iye analemba. Pamenepo asankhe kuzipereka kwa mphunzitsi wina, chifukwa kusankha kwinako kumafufuta zidziwitso zake zonse.