Kachingwe Kolumikizira Mahedifoni: Chifukwa Chake Kena Kamangoti Zii

Foni zambiri zodulirapo za masiku ano zilibe kabowo kozungulira kaja komwe tinkalowetsamo mahedifoni. Kampani ya Apple inakachotsa pa iPhone 7 mu 2016, Google inatsatira ndi Pixel 2 mu 2017, ndipo Samsung inayamba kukasiya pa foni zake zapamwamba ndi Galaxy Note 10 mu 2019. Ambiri amene ali ndi Tecno kapena itel zotsikirapo mtengo akadali nako kabowoka. Koma amene wagula Samsung, Pixel kapena iPhone yogwirapo kale ntchito, kapena amutumizira abale akunja, amangozindikira atafika nayo kunyumba kuti mahedifoni ake a chingwe alibe polowera.

Njira yake ndi adaputala, kachingwe kotalika ngati chala, mbali imodzi kolowa potchajira, mbali inayo kokhala ndi kabowo ka mamilimita 3.5. Timapezeka paliponse pomwe akugulitsa matchaja ndi makava a foni. Chovuta n'chakuti timachingwe tiwiri tofanana ndendende, toyera tonse, mapaketi akenso amodzimodzi, tikhoza kukhala tosiyana kotheratu mkati. Munthu akagula kolakwika amaganiza kuti amubera, pomwe nthawi zambiri kachingweko n'kabwinobwino, kungoti si ka foni yake.

Nyimbo imene ili m'foni imasungidwa ngati manambala, pomwe timasipika ta m'mahedifoni sitimva manambala. Timafuna magetsi okwera ndi kutsika amene amatinjenjemeretsa mpaka mawu atuluke. Pakati pa ziwirizi pamafunika womasulira, ndipo ntchito imeneyi amagwira ndi kachipangizo kakang'ono kamene pamapaketi amalemba kuti DAC. M'foni ya kabowo, kachipangizoka kamakhala mkati mwa foni momwemo, n'kumatumiza mawu omasulira kale kupita kukabowo kaja. Kabowo katachotsedwa, makampani sanachite mofanana. Ena, monga pa foni zina za Motorola, Xiaomi ndi Huawei, anakonza zoti mawu omasulira kale azitha kutulukira potchajira pa USB-C. Ena, kuphatikizapo Google pa ma Pixel, Samsung pa foni zake zambiri zopanda kabowo ndi Apple, anasiya potchajira kuti pazingotuluka manambala okhaokha.

Ndiye chifukwa chake maadaputala a USB-C alipo amitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi mawaya chabe, ongotenga mawu amene foni yamasulira kale n'kuwapititsa kumahedifoni. Ndi wotchipa chifukwa mulibe kanthu kodula mkati mwake, koma umagwira pa foni zokhazo zimene zimatulutsa mawu otere potchajira. Mtundu wachiwiri uli ndi DAC wakewake, wobisika m'kamutu kolowa m'foni kaja, ndipo umatapa magetsi pang'ono kubatire kuti ugwire ntchito. Umenewu umagwira pafupifupi pa foni iliyonse ya USB-C, ngakhalenso pa laputopu ndi tabuleti. Ine ndikafunsidwa ndimangoti gulani wa DAC basi, ngakhale foni yanu itakhala yolola wa mawaya okha, chifukwa mawa mukasintha foni simudzayambanso kufunafuna wina.

Tiyerekeze mphunzitsi amene wagula Galaxy A54, foni ya mu 2023 imene ilibe kabowo ka mahedifoni. Wapita pamsika, wagula adaputala yotchipa kwambiri, wogulitsa wamutsimikizira kuti bola ikhale ya Type-C, ikwana. Kukwana yakwanadi. Koma akayatsa nyimbo ikungotulukira pasipika ya foni ngati sanalumikize kalikonse, kapena pagalasi pakubwera uthenga wonena kuti chipangizochi sichigwirizana ndi foniyi. Pa foni zina za Android, makamaka ma Pixel, uthengawo umalembedwa kuti “Analog audio accessory detected”. Mawu amenewa akaoneka musavutikenso kutembenuza kachingwe kapena kuzimitsa foni. Foniyo ikunena kuti yazindikira adaputala ya mawaya okha, ndipo yokhayo singaitumizire mawu. Palibe pulogalamu yoti mutsitse imene ingakonze zimenezi, popeza chosowacho ndi chipangizo chenicheni chogwirika. Mphunzitsiyu akungofunika kubweza n'kutenga ya DAC.

Kudziwa kuti adaputala ili ndi DAC sikophweka ndi maso okha. Paketi ikalemba kuti DAC, kapena ikatchula Samsung, Pixel ndi iPad pamndandanda wa zimene imagwirizana nazo, ndi chizindikiro chabwino, ngakhale mapaketi a katundu wachinyengo amalemba chilichonse. Ngati muli ndi laputopu ya bowo la USB-C, lowetsani mahedifoni m'adaputala kenako muilumikize: ya DAC imaonekera pamndandanda wa zotulutsira mawu ngati chipangizo chatsopano, pomwe ya mawaya okha siionekera n'komwe. Koma umboni weniweni ndi kuyesa pa foni yanu, ndi mahedifoni anu, ndalama zikadali m'thumba. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni ndi katundu wake.

Ngakhale ya DAC nthawi zina imakhala duu, ndipo apa vuto limakhala ku foni. Foni zina za Oppo, Realme ndi OnePlus sizipereka magetsi kuchipangizo cholumikizidwa potchajira mpaka mutatsegula OTG m'masetingi, ndipo zimazimitsanso zokha pakapita mphindi 10 osaigwiritsa ntchito. Lembani OTG pofufuzira m'masetingi, mukaipeza muitsegule. Chinanso ndi fumbi. Foni yokhala m'thumba tsiku lonse imaunjika ulusi wa nsalu pansi pa bowo lotchajira, ndipo pulagi siifika kumapeto. Mukaona kuti adaputala ikugwedera, kapena mawu akuduka mukangoikhudza, zimitsani foni n'kutokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo kowonda ngati kotokosera m'mano. Singano ayi, imawononga timizere ta mkuwa ta mkatimo. Kava yokhuthala nayo imatchinga pulagi kuti isalowe yonse, choncho yesaninso mutaivula.

Nkhani ya maikolofoni ndi imene imasokoneza anthu kwambiri, chifukwa nyimbo zimamveka bwino, koma mukaimba foni winayo akungoti “halo, halo, sindikukumvani”. Yambani mwayang'ana pulagi ya mahedifoni anu pafupi ndi maso. Pachitsulo chake pali timizere takuda kapena toyera tozungulira. Tikakhala tiwiri, ndiye kuti chitsulocho chagawika patatu: khutu lamanzere, khutu lamanja ndi waya wobwezera magetsi amene amakonza mawailesi amati wa ethi. Mahedifoni amenewo alibe njira ya maikolofoni, ndipo palibe adaputala ingawapatse. Timizere tikakhala titatu, pali gawo lachinayi, ndipo ndi limenelo lonyamula mawu anu. Pamafunikanso kuti adaputalayo ikhale ndi njira ya gawo lachinayili mkati mwake, komanso kachipangizo kosandutsa mawu anu kukhala manambala opita m'foni. Ena opanga zotchipa amasiya mbali imeneyi, n'kukupatsani adaputala yongomverera basi.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma ambiri amanyengeka. Akajambula uthenga wamawu pa WhatsApp n'kumva kuti mawu alowa, amati maikolofoni ikugwira, osadziwa kuti yajambula ndi maikolofoni ya foni yeniyeniyo. Chitani chonchi: yambani kujambula, ikani foni patali momwe chingwe chingafikire, kenako kandani ndi chikhadabo pa kabokosi kakang'ono kamene kali pachingwe cha mahedifoni, pomwe pali kabowo ka maikolofoni. Pomvetsera, kukandako kukamveka mwamphamvu kuti khwee khwee, maikolofoni ya mahedifoni ndi imene ikugwira. Kukamveka chapatali kapena osamveka n'komwe, foni sinaione.

Pali vuto lina lakale limene likadalipo chifukwa mahedifoni akale sitimataya. Pa mapulagi a timizere titatu, makampani anali ndi makonzedwe awiri. Amene afala lero, otchedwa CTIA, amaika maikolofoni pa gawo lomalizira, loyandikana ndi pulasitiki yogwirira, ndipo ethi imakhala patsogolo pake. Foni zambiri zakale za Nokia ndi Sony Ericsson zinkatsata makonzedwe a OMTP, amene amasinthanitsa ziwirizi. Mukalowetsa mahedifoni a OMTP m'adaputala ya CTIA, nyimbo imamveka yopyapyala ndi yakutali, zoimbira zikumveka koma mawu a woimba atatsala pang'ono kuzimiririka. Chizindikiro chake chosaphonya n'chakuti mukadina batani la pachingwe n'kuligwira, nyimbo imabwerera mwakale, mukalisiya imathawanso. Maadaputala ena abwino amazindikira okha n'kusintha, koma ambiri satero, ndipo apo chosavuta ndi kupeza mahedifoni ena. Nyimbo imamvekanso chimodzimodzi pulagi ikalowa theka, ndiye musanaweruze ikankheni mpaka imveke kuti tha.

Eni ma iPhone ali ndi msampha wawowawo. Kuyambira iPhone 7 mpaka iPhone 14 potchajira ndi pa Lightning, ndipo pamenepa sipatuluka mawu omasulira kale ngakhale pang'ono, choncho adaputala yeniyeni iliyonse imayenera kukhala ndi DAC komanso kuzindikiridwa ndi foni. Opanga zotchipa anapeza njira yozembera. Kachingwe kawo kamangotapa magetsi potchajira, koma mawu kamalandira kudzera pa Bluetooth. Mukakalumikiza, foni imakupemphani kuti mutsegule Bluetooth n'kulumikizana ndi chipangizo china. Kugwira kamagwira, koma mawu amachedwerako poonera vidiyo, ndipo poimba foni samveka bwino kwenikweni. Poyesa, zimitsani Bluetooth: nyimbo ikasiya, mwadziwa chimene mwagwira. Zovomerezeka ndi Apple zimakhala ndi chizindikiro cha “Made for iPhone” papaketi. Kuyambira iPhone 15 ya mu 2023 potchajira ndi pa USB-C, ndipo ya DAC yomwe ija ya Samsung ndi Pixel imagwiranso pamenepo.

Chimodzi chimene adaputala kawirikawiri singakubwezereni ndi wailesi ya FM, yomwe kwathu kuno ambiri timamverera nkhani ndi mpira popanda kuwononga bando. Pa foni ya kabowo, chingwe cha mahedifoni ndi chimene chimagwira ntchito ya eliyo. Chikadzera m'adaputala ya DAC sichilumikizananso ndi wailesi ya m'foni, ndiponso foni zambiri zopanda kabowo zilibe wailesiyo n'komwe. Amene amadalira FM aganizire zimenezi asanagule foni, osati atagula kale.

Palinso maadaputala a mabowo awiri, lina la mahedifoni lina la tchaja, kuti muzimvera uku mukutchaja. Otchipa ake amakonda kutchaja pang'onopang'ono, ndipo ena amalowetsa kaphokoso kosokosa m'makutu tchaja ikangolumikizidwa. Ngati mukufuna wotero, pitani pogula muli ndi tchaja kapena pawabanki yanu, mulumikize zonse ziwiri nthawi imodzi, muimitse kaye nyimbo n'kumvetsera ngati m'mahedifoni muli kulira kwina kulikonse, ndipo muonenso ngati foni ikulembabe kuti ikutchaja mwachangu monga imachitira tchaja ikalowa mwachindunji.