Mijigo Isanu Inapita Kuti? Ntchito ya Wolemba Lipoti la Pulojekiti

Miyezi itatu ikamatha, m'maofesi a mabungwe omwe si aboma simukhala macheza. Wowerengera ndalama amakhala ali pakalapakala ndi malisiti, wa ziwerengero akudzaza matebulo, ndipo pakona penapake pamakhala munthu mmodzi atagwira tsaya patsogolo pa kompyuta. Ameneyu ndiye wapatsidwa gawo lofotokozera la lipoti lopita kwa opereka thandizo, gawo lija lolembedwa m'mawu osati m'manambala. Nthawi zambiri limalembedwa m'Chingerezi, koma chimene chimavuta anthu si chinenero ayi. Chimavuta ndi kudziwa choti anene.

Lipoti la mtundu uwu limakhala ndi mbali zitatu zoyendera limodzi. Pali lipoti la ndalama, losonyeza zimene zagwiritsidwa ntchito poyerekeza ndi bajeti. Pali tebulo la ziwerengero, lotengedwa ku logifulemu, chipepala chija chimene mbali ziwirizi zinagwirizana poyamba kuti pulojekiti idzachita zakuti, zochuluka mwakuti, pofika nthawi yakuti. Ndiye pali gawo lofotokozera. Tebulo likhoza kunena kuti mijigo 7 yatha pa mijigo 12 imene inalonjezedwa, koma silinganene kumene isanu inayo yapita. Wowerenga akangoona manambala awiriwo, funso lake loyamba limakhala lomwelo, ndipo gawo lofotokozera linakhazikitsidwa kuti liyankhe funso limeneli.

Izi si nkhani ya kukoma mtima kwa wolemba. Malamulo a boma la Amerika okhudza ndalama za thandizo amanena kuti lipoti liyerekeze zimene zachitika ndi zimene zinalonjezedwa, lifotokoze chifukwa chake zina sizinatheke, ndiponso lifotokoze ngati ndalama zapitirira malire. Lipoti la miyezi itatu liyenera kufika pasanathe masiku 30 nyengoyo itatha. Nalo bungwe la EU limapereka fomu yakeyake, imene imafuna kuti wolemba atsatire logifulemu mzere ndi mzere. Mafomu amasiyana, koma mafunso ake ndi pachibale.

Tiyerekeze ndi bungwe lina longopeka, logwira ntchito m'boma la Phalombe. Namondwe wa Freddy atasakaza maboma a kummwera mu Malichi 2023, bungweli linalandira thandizo loti likumbe mijigo m'midzi imene madzi ake anaonongeka. Mgwirizano unali wa ndalama za kwacha, ndipo pakati pa Okutobala ndi Disembala 2023 linayenera kukumba mijigo 12 ndi kuphunzitsa komiti ya mjigo uliwonse. Nyengoyo itatha, mabowo okumbidwa anali 8. Limodzi silinatulutse madzi. Mijigo yogwira ntchito inali 7.

Wolemba wosazolowera amayamba ndi zimene iye anatopa nazo. Amalemba kuti panachitika msonkhano ndi akuluakulu a khonsolo, panachitika misonkhano ndi mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi anadziwitsidwa, maulendo oyendera ntchito anachitika kangapo. Masamba atatu amadzaza, wowerenga asanamve n'komwe za madzi. Zonsezo n'zoona ndithu, ndipo thukuta linatuluka, koma wopereka thandizo sanapereke ndalama kuti agule misonkhano. Wolemba wodziwa ntchito amayamba ndi chimene chasintha m'mudzimo: mijigo 7 ikutulutsa madzi, madziwo anayezedwa n'kupezeka abwino kumwa, makomiti 7 aphunzitsidwa ndipo ayamba kutolera ndalama zokonzetsera pampu ikadzaonongeka. Misonkhano ija imangotenga mizere iwiri, ngati njira imene anadzera kuti afike pamenepo.

Kenako amafika pa mijigo isanu ija, pamene mtima umagunda. Apa ndi pamene malipoti ambiri amabisala kuseri kwa mawu ozungulira, monga akuti ntchito inachedwa chifukwa cha mavuto a zachuma ndi nyengo. Chiganizo chotere sichinama, komanso sichinena kanthu. Chingalowe mu lipoti la pulojekiti ya mbuzi, ya masukulu a mkombaphala, ngakhale ya katemera.

Chimene chinachitika chili ndi tsiku ndi mtengo wake. Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Mapaipi, mafuta ndi zipangizo za pampu ya Afridev zimadalira ndalama zakunja. M'chitsanzo chathu, kontirakitala anaimitsa ntchito kwa masabata atatu akukambirana ndi bungwe za mtengo watsopano. Pomwe amagwirizana, mvula inali itayamba, ndipo galimoto yolemera yokumbira sikanatha kulowa m'dothi lamakande la m'midzi yotsalayo. Palinso chifukwa china chimene munthu wokhala ku Brussels kapena ku Washington sangachiganizire pokhapokha atauzidwa: nthawi ya dzinja madzi a pansi pa nthaka amakwera, choncho mjigo wokumbidwa pamenepo ukhoza kuoneka wabwino kenako n'kudzauma mu Okutobala, nthawi imene anthu akuufuna kwambiri. Kudikira chilimwe ndiye kunali nzeru, ndipo lipoti liyenera kunena choncho mosapita m'mbali.

Ndime yabwino pa nkhaniyi imayankha mafunso motsatana, ngati mmene munthu amafotokozera mlandu pabwalo la mfumu. Chinachitika n'chiyani, ndipo liti? Chakhudza ndani? Apa wolemba atchule midzi isanu imene ikumwabe madzi a pachitsime. Bungwe lachitapo chiyani pakadali pano? Mwina lagawa mankhwala a kolorini kudzera kwa alangizi a zaumoyo. Ntchito yotsala ichitika liti? Atchule mwezi, tinene kuti Meyi. Pomaliza, bungwe likupempha chiyani? Ngati pa mtengo watsopano ndalama zotsala zikukwanira mijigo 4 yokha osati 5, wolemba anene poyera, n'kupereka njira: kusuntha ndalama kuchokera ku mzere wina wa bajeti, kapena kuchepetsa chiwerengero cholonjezedwa. Koma lipoti lokha silipereka chilolezo. Kusintha kwakukulu kwa bajeti kumafuna kalata yakeyake ndi yankho lolembedwa, ndipo nkhani yaikulu ngati imeneyi imayenera kufika kwa opereka thandizo pomwe yangochitika, kuti lipoti likamafika likhale likungotsimikiza zimene anamva kale.

Bowo louma lija nalonso lisasowe mu lipoti. Pokumba mijigo zimachitika, ngakhale akatswiri atayeza malo. Chofunika n'kunena kuya kwake, zimene mgwirizano ndi kontirakitala umanena pa bowo louma, ndi amene walipira.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale akhalakale pa ntchitoyi. Wolemba gawo lofotokozera ndi wowerengera ndalama amagwira ntchito aliyense payekha, n'kudzakumana pa tsiku lotumiza. Wowerenga kunjako amayika mapepala awiriwo pambalipambali. Mijigo 7 pa 12 ndi 58 peresenti ya ntchito. Nanga lipoti la ndalama likasonyeza kuti 85 peresenti ya ndalama za nyengoyo yatha, aganiza chiyani? M'dziko limene linaona nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma mu 2013, imene inachititsa mayiko angapo kuimitsa thandizo lolowa m'bajeti ya boma, kukayikira sikuchedwa. Komatu yankho likhoza kukhala losavuta: mapampu onse 12 anagulidwa kale ndipo asanu ali m'nyumba yosungira katundu, bowo louma linadya gawo lake, ndipo mabowo omaliza analipidwa pa mtengo watsopano. Ziganizo zitatu zokha, zikasowa, zimabala maimelo a mafunso kwa mwezi wathunthu, ndalama za nyengo yotsatira zili chiimire.

Kuwerenga anthu nakonso kuli ndi minga. Muyezo umene umagwiritsidwa ntchito m'dziko muno ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. N'kosavuta kuchulukitsa 7 ndi 250 n'kulemba kuti anthu 1,750 apeza madzi abwino. Imeneyo ndi masamu, si kalembera. Ngati palibe anawerenga mabanja otunga pa mjigo uliwonse, lipoti linene kuti chiwerengerocho n'choyerekeza ndipo chachokera pa muyezowo. Chimodzimodzinso ndi maphunziro. Makomiti 7 a anthu khumikhumi ndi anthu 70. Akaphunzira kawiri, koyamba za kasungidwe ka ndalama, kachiwiri za kukonza pampu, mapepala osainira alawansi amasonyeza mayina 140, koma anthu akadali 70 omwe aja. Wodzayendera ntchito akadzatenga mapepalawo n'kupeza dzina limodzi kawiri, amayamba kukayikira manambala onse, ndi oona omwe.

Mafomu ambiri amasiya malo a nkhani ya munthu mmodzi wopindula. Kunena zoona, nkhani zambiri zoterezi zimafanana ngati zinabadwa kwa mayi mmodzi: kale ankavutika, bungwe linabwera, lero akumwetulira ndipo akuthokoza. Nkhani yothandiza ndi imene ikuonetsa chinthu chimene tebulo silingaonetse, monga msungichuma wa komiti kufotokoza mmene anagwirizanirana za ndalama ya pamwezi, amene akukana kupereka, ndi mmene akuchitira ndi nkhalamba zimene zilibe kolowera. Mawu ake alembedwe monga anayankhulira, ndipo dzina ndi chithunzi zisalowe iye asanavomere atauzidwa kumene zikupita.

Lipoti lolembedwa mothamanga limadziulula lokha. Wolemba amatsegula la nyengo yapita, n'kusintha madeti, n'kuiwala zina. Zotsatira zake, lipoti la Julaye mpaka Sepitembala limadandaula za misewu yoterera ndi mvula, kapena vuto limodzi limabwera katatu ndi mawu omwewo popanda chimene chachitikapo. Wowerenga amasunga malipoti onse, ndipo wochenjera amayamba watsegula tsamba lomaliza la lipoti lapitalo, pamene bungwe linalemba zimene lichite m'miyezi itatu ikubwerayi.

Ndiye chifukwa chake wolemba wa ku Phalombe uja, akamadzakhala pansi kumapeto kwa Juni 2024, chiganizo chake choyamba chidzakhala chitasankhidwa kale ndi lipoti lake lomwe. Analemba kuti mijigo yotsala ikumbidwa mu Meyi. Ayambe wanena ngati inakumbidwa, ndipo ingati.